Tchesi Yasamukira Loweruka: Zimene Kalata ya Mlembi wa Kalabu Iyenera Kunena

Kalabu ya tchesi imene imakumana kamodzi pamwezi ili ndi misonkhano 12 yokha pachaka. Membala akaphonya kawiri motsatizana chifukwa chosamva bwino za tsiku, amatha miyezi itatu osaona anzake, ndipo ena sabweranso. N'chifukwa chake kalata ya mlembi yolengeza kuti masewera a madzulo a mkati mwa sabata asamukira kumapeto kwa sabata si kapepala kolemba mothamanga. Kalatayi imasintha nthawi, imasintha mtundu wa masewera amene angatheke, ndiponso imasintha anthu amene angathe kubwera.

Chimene chimasamutsa makalabu nthawi zambiri ndi kuchepa kwa maola. Tiyerekeze kalabu ya mamembala 16 imene imakumana Lachitatu loyamba la mwezi uliwonse. Anthu amaweruka kuntchito cha m'ma 5 koloko, ndipo pofika pamalo, kuyala matabwa ndi kutchera mawotchi, 6 koloko imakhala itakwana. Kuno kwathu dzuwa limakhala litalowa kapena likulowa nthawi imeneyi chaka chonse. Pofika 8:30 usiku, aliyense amene alibe galimoto amakhala akuganiza za minibasi yomaliza kapena mtengo wa kabaza. Choncho madzulo onse amapereka mphindi 150 zokha, ndipo magetsi akazima pakati, nazonso zimachepa.

Kodi m'mphindi 150 mungakwane masewera angati? Yankho lili pa wotchi. Pa tchesi ya mpikisano wosewera aliyense amakhala ndi nthawi yakeyake, ndipo akasuntha amadina wotchi kuti nthawi ya mnzake iyambe kuyenda. Bungwe loyendetsa tchesi padziko lonse la FIDE, limene linakhazikitsidwa ku Paris mu 1924, limagawa masewera m'magulu atatu. Ngati wosewera aliyense ali ndi mphindi 10 kapena kucheperapo, masewerawo ndi a bulitsi. Zikapitirira 10 koma osafika 60, ndi a rapidi. Kuyambira mphindi 60 kupita m'tsogolo ndi masewera aatali.

Makalabu ambiri amakonda rapidi ya mphindi 15 kwa aliyense, n'kumawonjezera masekondi 10 pa kusuntha kulikonse. Masewera otere akafika pa kusuntha kwa nambala 60, aliyense amakhala atalandira mphindi 10 zowonjezera. Ndiye kuti aliyense ali ndi mphindi 25, awiriwo pamodzi mphindi 50. Tikaikapo mphindi 10 zolemba zotsatira ndi kulumikiza osewera a ndime yotsatira, ndime imodzi imadya ola lathunthu. Madzulo a Lachitatu aja amangokwana ndime ziwiri.

Ndime ziwiri sizitulutsa katswiri pakati pa anthu 16. M'mipikisano yambiri amagwiritsa ntchito njira ya Swisi, imene palibe wotuluka, koma ndime iliyonse opambana amakumana ndi opambana anzawo, ogonja ndi ogonja anzawo. Ngati palibe olepherana, ndime yoyamba ikatha opambana amakhala 8, yachiwiri ikatha osagonja amatsala 4, yachitatu 2, ndipo yachinayi ndi imene imasiya mmodzi. Kalabu yathu ikamabalalika Lachitatu usiku, anthu anayi amapita kwawo aliyense ali ndi mapointi awiri, osadziwa kuti woposa mnzake ndani. Loweruka kuyambira 1 koloko masana mpaka 5 koloko kuli mphindi 240, zokwanira ndendende ndime zinayi, ndipo anthu amanyamuka kunja kusanade kwenikweni.

Wina angafunse kuti bwanji osangosewera bulitsi Lachitatu lomwelo. N'zoona kuti bulitsi ya mphindi 3 ndi masekondi 2 owonjezera imatha m'mphindi pafupifupi 10, ndipo ndime zambiri zingakwane madzulo amodzi. Koma wophunzira kumene amagonja pa bulitsi chifukwa cha wotchi asanamvetse pamene walakwitsa. Kalabu imene ikufuna kulera osewera atsopano imafuna masewera opatsa munthu mpata woganiza, ndi mphindi zina pambuyo pake zoti awiriwo abwerezenso masewerawo n'kuonetsana pamene panavuta.

Kusamukaku kuli ndi mtengo wake, ndipo mlembi wabwino saubisa. Loweruka ndi Sabata kwa abale athu a mpingo wa Adiventisiti, ndipo sangabwere dzuwa lisanalowe. Lamlungu m'mawa ambiri amakhala ku mapemphero. Ogwira ntchito m'masitolo, ometa, oyendetsa minibasi ndi ogulitsa mumsika amatanganidwa kwambiri Loweruka. Maukwati ndi zinkhoswe zimachitikanso masiku omwewa, ndipo holo ya sukulu kapena ya mpingo imene Lachitatu imakhala yopanda munthu ingakhale itagwidwa kale ndi a ukwati olipira ndalama zambiri. Mbali inayi, kumapeto kwa sabata kumatsegula khomo kwa ana asukulu, amayi amene sangayende usiku, ndi mamembala okhala kutali. Komiti imayenera kuyeza zonsezi isanagamule, ndipo njira yake ndi kufunsa membala aliyense masiku amene sangathe kubwera, osati okhawo amene amawakonda.

Apa tiyeneranso kukumbukira malire a udindo wa mlembi. Mlembi amalengeza, sagamula. Chigamulo chimachokera ku komiti kapena ku msonkhano wa mamembala onse, malinga ndi malamulo oyendetsera kalabuyo. Ngati tsiku lokumana linalembedwa m'malamulowo, komiti payokha singalisinthe popanda kutsata njira yosinthira malamulo. Kalata ikatchula msonkhano umene unagamula ndi tsiku lake, amene sanakondwe amadziwa koti akadandaule, ndipo sakwiyira mlembi ngati kuti ndi maganizo ake.

Vuto lalikulu la makalata otere ndi mawu akuti "kumapeto kwa sabata yoyamba ya mwezi". Taonani kalendala ya 2026. Pa 1 Novembala ndi Lamlungu, ndipo Loweruka loyandikana nalo ndi pa 31 Okutobala. Wina adzati sabata yoyamba ndi imeneyo, wina adzadikira pa 7 Novembala, ndipo onse awiri adzakhala ndi chifukwa chomveka. Mawu akuti "Loweruka lomaliza" nawonso amasokoneza, chifukwa mwezi wa Ogasiti chaka chomwecho uli ndi Maloweruka asanu, pa 1, 8, 15, 22 ndi 29, ndipo wozolowera anayi angafike pa 22. Mankhwala ake ndi kutchula tsiku limodzi la sabata, kenako kulemba madeti enieni a misonkhano itatu yoyamba. Loweruka lachiwiri la mwezi nthawi zonse limagwa pakati pa 8 ndi 14, ndipo limazemba masiku a malipiro pamene maukwati amachuluka.

Nachi chitsanzo cha kalata ya kalabu yongoyerekezayi. Pamwamba pamakhala dzina la kalabu, keyala ndi tsiku lolemba, kenako mawu awa:

Okondedwa mamembala onse,

KUSINTHA KWA TSIKU LA MASEWERA A MWEZI NDI MWEZI

Ndikukudziwitsani kuti kuyambira mwezi wa Seputembala 2026, masewera athu sazichitikanso Lachitatu madzulo. Tizikumana Loweruka lachiwiri la mwezi uliwonse, kuyambira 1 koloko masana mpaka 5 koloko, m'holo yathu ya nthawi zonse. Masiku atatu oyamba ndi pa 12 Seputembala, pa 10 Okutobala ndi pa 14 Novembala. Lachitatu la pa 5 Ogasiti ndi lomaliza kukumana madzulo, ndipo pa 2 Seputembala sikudzakhala masewera.

Komiti inagamula zimenezi pa msonkhano wake wa pa 4 Julayi itamva maganizo anu. Madzulo timangokwanitsa ndime ziwiri, ndipo ambiri mumavutika mayendedwe usiku. Loweruka tizisewera ndime zinayi za mphindi 15 ndi masekondi 10 owonjezera. Kulembetsa kuzitsekedwa 12:45 masana. Chopereka cha pamwezi sichinasinthe.

Tikudziwa kuti ena mwa inu simungabwere Loweruka chifukwa cha mapemphero kapena ntchito. Chonde ndidziwitseni pasanafike pa 15 Ogasiti. Komiti idzaunikanso dongosololi mu Disembala. Ana osakwana zaka 18 ndi olandiridwa akabwera ndi chilolezo cha makolo.

Ine wanu,
Mlembi

Kalatayi yayamba ndi chigamulo, chifukwa chake n'kubwera pambuyo. Ambiri amawerenga mizere iwiri yoyamba pa foni n'kusiya, choncho tsiku, nthawi ndi malo ziyenera kukhala pomwepo. Yatchulanso tsiku lomaliza la dongosolo lakale ndi tsiku limene sikudzakhala masewera, chifukwa munthu amene wazolowera Lachitatu loyamba adzanyamuka pa 2 Seputembala ngati sanauzidwe mwachindunji. Yanenanso zimene sizinasinthe, holo ndi chopereka, popeza munthu akamva za kusintha kumodzi amayamba kukayikira zina zonse.

Nthawi yotseka kulembetsa ili ndi chifukwa chake. Pa njira ya Swisi, wolumikiza osewera ayenera kudziwa chiwerengero cha anthu asanayambe ndime yoyamba. Akakhala 15 m'malo mwa 16, mmodzi amapuma ndime iliyonse. Wobwera mochedwa akaloledwa kulowa osewera atakhala kale pansi, zonse zimayambiranso, ndipo mphindi 240 zija zilibe zotsalira. Ndime yoyamba ikachedwa ndi theka la ola, yachinayi imathera mumdima, ndiye kuti kusamuka konse kwataya phindu.

Kalata ituluke pakadali msonkhano umodzi wa dongosolo lakale, kuti iwerengedwe pamaso pa onse ndipo mafunso ayankhidwe pomwepo. Ina imatidwe pakhomo la holo, ndipo patatsala sabata imodzi kuti Loweruka loyamba lifike, mlembi akumbutsenso mwachidule. Asanatumize chilichonse, atsimikizire ndi eni holo kuti masiku atatu aja alembedwa m'buku lawo, ndiponso aone ngati sakugundana ndi mipikisano ya bungwe la CHESSAM, imene nthawi zambiri imachitika kumapeto kwa sabata ndipo imatenga osewera aluso a kalabu.

Ngati kusamukaku kwathandiza, kaundula wa obwera ndi amene anganene. Mlembi ayerekeze miyezi itatu yomaliza ya Lachitatu ndi itatu yoyamba ya Loweruka, ndipo asangowerenga mitu, ayang'ane mayina. Chiwerengero chikhoza kukhalabe 16 pamene akale asanu asowa ndipo atsopano asanu alowa. Asanu osowawo ayenera kufunsidwa mmodzimmodzi. Mwina yankho likhala kusinthanitsa, mwezi uno Loweruka, wamawa Lamlungu masana.

Inu amene mwalandira kalata yotere, lembani madetiwo pa kalendala lero lomwe, ndipo ngati tsiku latsopanolo likukuvutani, yankhani nthawi yoikidwayo isanadutse. Komiti imatenga kukhala chete kwanu ngati kuvomereza.