Kulemba Mwatsopano Malamulo a Tchuthi cha Antchito

Malamulo ambiri a pantchito amayamba ndi mbiri ya bungwe ndi matanthauzo a mawu. Pamene wantchito azifika pa zimene akufuna, amakhala atatopa kale. Choncho wokonza chikalata chotere amayamba wadzifunsa kuti: owerenga amabwera ndi mafunso otani?

Mafunsowo ndiwo amasanduka mitu. Pa malamulo a tchuthi, mutu wakuti "Zoyenereza" ukhoza kukhala "Ndani angapite kutchuthi?" Ndime yaitali imene yaunjika masiku a tchuthi, kapemphedwe kake ndi malipiro imagawidwa patatu, mfundo iliyonse payokha. Chiganizo chakuti "pempho liyenera kuperekedwa" chimabisa wochita, motero chimalembedwanso kuti chitchule wopempha, wolandira pempholo ndi tsiku lomaliza.

Bokosi lachidule, ngakhale limakhala pamwamba, limalembedwa pomaliza. M'mizere yochepa limanena amene akukhudzidwa, zoyenera kuchita ndi ofesi yokafunsako. Ngozi yaikulu ili pomwepa, chifukwa ambiri amawerenga bokosi lokhalo. Ku Malawi, lamulo la zantchito la mu 2000 limapereka masiku 18 a tchuthi pachaka kwa wogwira ntchito masiku 6 pamlungu, koma 15 kwa wogwira masiku 5. Bokosi likangoti "masiku 18", lanamiza gulu lachiwirilo.

Ndime zikasuntha, mawu olozera monga "onani ndime 7" amasokonekera, ndipo ayenera kufufuzidwa onse. Kenaka wantchito amene sanalembe nawo chikalatacho amapemphedwa kupeza masiku ake a tchuthi. Akasochera, mutuwo umasinthidwa.