Mzati wa maziko ukalowa pansi, wapambana kapena walephera?

Pomanga mlatho kapena nyumba yosanja pa nthaka yofewa, amakhoma mizati ya konkire pansi kwambiri kuti isenze katundu. Asanapitirize ntchito, amasankha mzati umodzi ndi kuupanikiza ndi jeke, kulemera kukuwonjezedwa pang'onopang'ono, uku timawotchi tikuyeza mamilimita amene mutu wake watsika. Mzati uliwonse umatsika ndithu. Nkhani yagona pa katsikidwe kake.

Tiyerekeze mzati wa mamita 20, wonenepa mamilimita 600, woti uzisenza matani 100. Pouyesa, auumiriza mpaka matani 150, ndipo mutu watsika mamilimita 9. Nambala imeneyi payokha siuza injiniya zambiri. Iye amajambula girafu, kulemera mbali ina, kutsika mbali ina. Mzere ukamapendekeka mofatsa, ndiye kuti dothi lozungulira mzatiwo likuugwirabe. Ukagwa mwadzidzidzi ngati phompho, mzati ukulowabe pamene katundu sanawonjezedwe, dothi lagonja.

Komanso si kutsika konse kumene kumachokera ku dothi. Konkire nayo imafinyika ikapanikizidwa, ndipo pa mzati wathuwu imafupika ndi mamilimita pafupifupi 3.5. Njira imene Davisson anafalitsa mu 1972 imayambira pomwepo: pa kufupikako amawonjezerapo mamilimita 3.8, kenaka kunenepa kwa mzati atakugawa ndi 120, komwe pano ndi mamilimita 5. Malire akhala mamilimita 12.3, choncho wathu uja wapambana. Ena amati mzati walephera ukatsika ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a kunenepa kwake, apa mamilimita 60. Kusiyana kwa malire awiriwa n'kwakukulu, n'chifukwa chake mwini ntchito ndi kontirakitala ayenera kulemberana muyezo wotsatira jeke isanayambe kupopedwa. Kusankha muyezo zotsatira zitadziwika kale ndi chinyengo basi.

Katundu akachotsedwa, mutu umabwerera m'mwamba, koma osafika pomwe unali. Ukabwerera mamilimita 5 n'kutsala 4, palibe chodetsa nkhawa. Ukangobwerera pang'ono chabe, dothi lasunthiratu.

Nthawi nayo imawerengedwa. Kawirikawiri sawonjezera katundu mpaka kutsikako kutachepera mamilimita 0.25 pa ola. Dzuwa limasokonezanso: chitsulo chimene pakhala timawotchi chikatentha chimapindika, manambala n'kumasintha masana ndi usiku mzati uli chikhalire. N'chifukwa chake amachiikira mthunzi.

Lipoti labwino lionetse girafu ya kulemera ndi kutsika, ina ya kutsika ndi nthawi, tsiku limene mzati unaumbidwa kapena kukhomedwa, mtundu wa dothi, ndi satifiketi yotsimikizira kuti jeke ndi timawotchi zinali zolondola. Akakupatsani pepala longoti mzati wapambana, popanda girafu ndi muyezo umene anatsatira, musasayine.