Malo Amodzi pa Mpira wa Pulu

Pa tebulo la pulu, osewera ambiri amalunjika ndodo pakati penipeni pa mpira woyera. Mpirawo sugubuduzika nthawi yomweyo. Umayamba wakhwekhwerezeka pansalu ngati thumba lokokedwa, kenako nsalu ija ndi imene imauzunguza mpaka uyambe kugubuduzika bwino. Pofika apo, pa magawo 7 a liwiro lake, awiri apita.

Koma pali malo amodzi amene ukamenyapo, mpira umanyamuka ukugubuduzika kale.

Ndodo ikagunda pamwamba pa pakati, imachita ziwiri: imakankhira mpira kutsogolo, komanso imauzunguza. Tsopano taganizirani kunsi kwa mpira, kumene kwakhudza nsalu. Kukankha kumakupititsa kutsogolo, pamene kuzungulira kumakubweza kumbuyo. Ziwirizi zikafanana mphamvu ndendende, kunsiko kumangoponda nsalu n'kunyamuka, monga phazi la munthu woyenda pouma. Palibe kukhula, choncho nsalu ilibe choti ikonze.

Malowo ali pa magawo 7 mwa magawo 10 a msinkhu wa mpira, kuyeza kuchokera pansalu. Tengani mpira wa mamilimita 57. Pakati pake pali pa mamilimita 28 ndi theka, ndipo malo tikunenawa ali pa mamilimita 40, kutanthauza mamilimita 11 ndi kanthu pamwamba pa pakati. Kaya mumenye mwamphamvu kaya pang'ono, malowo sasuntha, ndipo ichi n'chimene chimandikoka mtima kwambiri. Chimene chimawaika pamenepo ndi kugawika kwa kulemera m'kati mwa mpira, poti ndi wogwirana mpaka pakati. Ukanakhala wamphako, kulemera konse kuli kuchikopa, ukanavuta kuuzunguza ndipo mukanayenera kumenya m'mwamba kuposa apo. Masamu a mipira yotereyi anawalembera buku lathunthu katswiri wa ku Falansa, Coriolis, mu 1835.

Vuto lili pa kuchepa kwa danga. Ukapitirira mamilimita pafupifupi 14 kuchokera pakati, nsonga ya ndodo imaterereka, n'kumveka kuti khwa! mpira n'kungopita kokhota. Pakati pa 11 ndi 14 patsala mamilimita atatu okha, n'chifukwa chake choko sichiiwalika. Komanso nsonga ya ndodo ndi yobulungira, ndiye mukamenya m'mwamba, imakhudza mpira ndi mbali yake yam'munsi. Maso amati mwafika, pamene mwamenya m'munsi pang'ono. Ndodonso ikhale yogona, osati yozondotsa.

Mukafuna kudziyesa, tengani mpira wa mzere m'malo mwa woyera, mzerewo ugone mopingasa ngati lamba. Mukaumenya pakati, muona lambayo akuyamba wauma kaye asanatembenuke. Mukapeza malo ake, amatembenuka pomwepo. Kenako utoleni mpirawo muone pamene choko chasiya kadontho, muyeze ndi rula kutalika kwake kuchokera pakati pa lamba.