Mtengo wosendedwa khungwa umafa ndi njala

Munthu akafuna kupha mtengo waukulu m'munda popanda kuudula, amasenda khungwa lake mozungulira thunthu lonse, kusiya lamba woyera wa thabwa. Tsiku lotsatira mtengowo umakhala uli bwinobwino. Pakatha mwezi masamba amakhala akadali obiriwira, ndipo mitengo ina imapirira chaka chathunthu kapena kuposerapo isanaume. Koma mukadula nthambi ndi chikwanje, masamba ake amafota tsiku lomwelo. Kusiyana kumeneku kukuchokera kuti? Yankho lili pa misewu iwiri imene ili m'kati mwa chomera, yomwe m'kalasi la bayoloje timaitcha zailemu ndi fulowemu.

Tiyambe ndi zailemu, chifukwa ndi amene mlimi uja sanamukhudze. Thabwa limene kalipentala amapala ndi zailemu ameneyu. Maselo ake amakhala ataliatali, olumikizana kumapeto, ndipo akakhwima amafa. Zam'kati mwake zimatha, makoma a pakati pa selo ndi selo amabooka, n'kutsala kapaipi kopanda kanthu. Makoma a m'mbali amalimbitsidwa ndi chinthu chotchedwa liginini kuti kapaipiko kasafwaphike. Timapaipi timeneti timalumikizana kuchokera ku mizu mpaka ku mitsempha ya tsamba, ndipo timanyamula madzi pamodzi ndi michere ya m'nthaka yosungunuka m'madzimo, monga ija ya mu feteleza.

Ophunzira ambiri amalemba kuti mizu imapopa madzi kupita kumwamba. Mizu imakankhako pang'ono ndithu, n'chifukwa chake m'mawa mumapeza timadontho m'mphepete mwa masamba a chimanga chaching'ono. Koma mphamvu imeneyi singafikitse madzi pansonga ya bulugamu. Madzi amachita kukokedwa kuchokera pamwamba. Tsamba lili ndi timabowo tating'onoting'ono totchedwa sitomata, tomwe timatseguka kuti mpweya wa kaboni dayokisaidi ulowe. Tikatseguka, madzi a m'tsamba amatulukira pomwepo ngati nthunzi. Selo limene lataya madzi limakoka ena kuchokera mu zailemu wa m'mitsempha ya tsamba. Tsono timagawo ta madzi timagwirana kwambiri tokhatokha, komanso timamatirira ku makoma a kapaipi, kotero kuti madzi a m'kapaipimo amakhala ngati ulusi wosaduka. Mukakoka ulusi kunsonga, wonse umasuntha mpaka ku tsitsi la mizu, kumene madzi atsopano amalowa kuchokera m'dothi mwa osimosisi. Henry Dixon ndi John Joly ndi amene anafotokoza zimenezi mu 1894.

Onani kuti chomera sichiwonongapo chakudya pa ntchito yokoka imeneyi. Dzuwa ndi limene limagwira ntchitoyo pouma madzi a m'tsamba. Mtengo wake ndi madzi: pa malita 100 alionse amene mizu yamwa, oposa 95 amangodutsa n'kuthera mumlengalenga. Ng'amba ikagwa mu Januwale, masana chimanga chimapinda masamba ndi kutseka timabowo tija kuti chisunge madzi, koma potero chimatsekeranso kunja mpweya wopangira chakudya. Nthaka ikauma kwambiri ulusi wa madzi uja umaduka, mpweya n'kulowa m'kapaipi, ndipo kapaipi kotero kamaleka kugwira ntchito. Apa m'pamene mbewu imafota osatsitsimukanso madzulo.

Mungathe kuona msewu umenewu ndi maso. Dulani kanthambi kanthete kamasamba, kaikeni m'kapu ya madzi osakaniza ndi inki, ndipo kasiyeni padzuwa maola angapo. Mukakadula mopingasa mupeza kuti inki yadetsa malo ena okha. Amenewo ndiwo malo a zailemu. Kanthambi kena kothothola masamba kaikeni m'kapu yomweyo, muone mmene inki ichedwere kukwera.

Tsopano tibwerere ku khungwa lija. Amene anafulako luzi la mombo amadziwa kuti pansi pa khungwa louma lakunja pali gawo lonyowa, lofewa. M'gawo limenelo ndi mmene muli fulowemu, ndipo luzilo ndi ulusi wolimba umene umamuteteza. Fulowemu ndi wamoyo. Maselo ake nawo amalumikizana kumapeto, koma makoma a pakati pawo ali ndi timabowo tambiri ngati sefa ya ufa. Maselo amenewa alibe nyukiliyasi, choncho lililonse limadalira selo lothandizira lomwe lili pambali pake.

Chimene chimayenda mu fulowemu ndi shuga wa mtundu wa sukulozi, yemweyo wa mu nzimbe. Kayendedwe kake kanafotokozedwa ndi Ernst Münch mu 1930, ndipo kali motere. M'tsamba, shuga amalowetsedwa mu fulowemu, ndipo m'zomera zambiri maselo othandizira amagwiritsa ntchito mphamvu pochita zimenezi. Shuga akachuluka, madzi amalowa mwa osimosisi kuchokera mu zailemu amene ali pafupi, ndipo kapaipi kamafufuma. Kumapeto kwina, tinene ku mizu ya chinangwa, shuga amatulutsidwa n'kusandutsidwa sitachi. Madzi nawo amatuluka, ndipo kufufuma kumachepa. Msuzi wa shuga umakankhika kuchoka kofufuma kupita kophwa, pa liwiro la pafupifupi mita imodzi pa ola. Mu zailemu madzi amakokedwa, pomwe mu fulowemu amakankhidwa. N'chifukwa chake nsabwe za pa masamba a mpiru sizivutika kuyamwa. Zimangolasa kamlomo kawo mu fulowemu, msuzi n'kumalowa wokha mpaka wina kumatuluka kumbuyo, nyerere n'kumadyerera.

Apa pali msampha wa pamayeso. Musalembe kuti fulowemu amanyamula chakudya kupita pansi basi. Amachotsa shuga kumene alipo wambiri kupita kumene akufunika. Masamba a m'munsi mwa chimanga amatumiza shuga m'mwamba ku chisononkho, ndipo a pamwamba amamutumiza m'munsi ku chisononkho chomwecho. Mbatata ya kachewere imalandira shuga ikamakula, koma mukaibzala, iyo ndi imene imatumiza shuga kumwamba ku mphukira.

Tsono mtengo uja tiutsate mwezi ndi mwezi. Zailemu ali bwino, choncho madzi akukwera ndipo masamba akupanga shuga. Shugayo akutsika mpaka pa lamba wosendedwa, n'kupeza msewu waduka. Amaunjikana pamenepo, ndipo khungwa la pamwamba pa bala limatupa pomwe la pansi silitupa. Marcello Malpighi anaona kutupa kumeneku m'zaka za m'ma 1600. Mizu, yomwe ili mumdima ndipo singadzipangire chakudya, imayamba kudya sitachi amene inasunga. Nkhokwe ikatha, mizu imaleka kukula n'kufa, madzi amasiya kulowa, ndipo masamba amauma pomalizira.

Njirayi ili ndi malire ake. Mukasiya kachidutswa ka khungwa kolumikiza pamwamba ndi pansi, shuga amadutsira pomwepo. Mukasenda mosapala bwino, kagawo koterera ka pakati pa khungwa ndi thabwa, kotchedwa kambiyamu, kamatha kupanga fulowemu watsopano n'kutseka balalo. Mitengo ina, monga bulugamu ndi mombo, imaphukira pansi pa bala, ndipo masamba a mphukirazo amayamba kudyetsa mizu. Ndipo chimanga kapena nzimbe simungaziphe mwa njira imeneyi, chifukwa zailemu ndi fulowemu wake ali m'timitolo tomwazika m'phesi lonse. Mukatafuna msinde, timaulusi timene timatsalira m'mano ndi timitolo timeneto.