Nambala ikasefukira mkati mwa kompyuta

Mu 2015, bungwe loona za ndege ku Amereka la FAA linalamula makampani okhala ndi ndege za Boeing 787 kuti azizimitsa magetsi onse a ndegezo nthawi ndi nthawi. Zinapezeka kuti makina oyang'anira majenereta a ndegeyi akakhala oyaka masiku 248 osapumira, amatha kudzitseka okha, onse anayi nthawi imodzi, ngakhale ndege ili m'mwamba. Mwamwayi, vutoli analitulukira poyesa makinawo pansi.

Nanga bwanji masiku 248? Kompyuta imasunga nambala m'malo okhala ndi malire. Malo a mabiti 32, osunga manambala a pamwamba ndi a pansi pa ziro, amathera pa 2,147,483,647. Tiyerekeze kuti makina akuwonjezera 1 maulendo 100 pa sekondi iliyonse. Tikagawa nambala ija ndi 100 tipeza masekondi oposa 21 miliyoni, omwe ndi masiku 248 ndi theka. N'chifukwa chake akatswiri ambiri amati gwero la vuto lija linali limeneli.

Nambala ikafika pamalirepo n'kuwonjezerapo 1, m'makina ambiri imagwera pa -2,147,483,648. Zili ngati mita yowerenga makilomita m'galimoto yakale, imene ikadzaza ndi 9 yekhayekha imabwerera pa ziro galimoto ikuyendabe. Palibe belu lolira kapena uthenga wochenjeza. Pulogalamu imangolandira yankho lolakwikalo n'kupitiriza nalo ntchito, ndipo kuopsa kwake kwagona pamenepa.

Olemba mapulogalamu ambiri amayamba awonkhetsa, kenako n'kufunsa ngati yankho lachepa, monga `if (a + b < a)`. M'chiyankhulo cha C, njira imeneyi imagwira pa `unsigned` pokha, chifukwa malamulo ake amalola nambala zotere kubwerera pa ziro. Pa `int` ndi msampha. Malamulo a C sanena chimene chiyenera kuchitika `int` ikasefukira, choncho kompaila, pulogalamu yomasulira zolembazo kuti makina amve, ili ndi ufulu woganiza kuti kusefukira sikungachitike. Ikhoza kungochotsa chitetezo chonsecho mwini wake osadziwa.

Njira yodalirika ndi kufunsa musanawonkhetse ngati malo otsala akukwana:

```c
if (b > 0 && a > INT_MAX - b) return -1;
if (b < 0 && a < INT_MIN - b) return -1;
```

Apa `INT_MAX - b` sangasefukire, poti `b` ndi woposa ziro. Ngati `a` ndi 2,147,483,600 ndipo `b` ndi 100, malire amakhala 2,147,483,547. Popeza `a` wapitirira pamenepo, pulogalamu imakana kuwonkhetsa. Makompaila a GCC ndi Clang alinso ndi `__builtin_add_overflow`, imene imawonkhetsa n'kunena ngati yankho silinakwane.

Kusamukira ku mabiti 64 kumathandiza kwambiri pa nambala yowerenga nthawi, koma pochulukitsa manambala akuluakulu malirewo amafikabe. Inu amene mumalemba mapulogalamu, pa nambala iliyonse imene imangokwera, werengerani lero tsiku limene idzadzaze.