MAKWINYA A PANKHOPE: ACOKERA KUTI?

Lero tikambirana za makwinya a pankhope. Ambiri amati makwinya ndi ukalamba basi, koma malo amene khwinya limagwera amasankhidwa ndi zizolowezi za mwini nkhopeyo.

Taonani nsapato yanu ya cikopa. Ili ndi mzere pamene phazi limapinda poyenda. Khungu nalo litero. Pansi pace pali timinofu timene timalikoka, ndipo m'kati mwace muli ulusi wosaoneka ndi maso, umene madokotala amaucha kolajeni ndi elasitini. Pa unyamata ulusiwu ubweza khungu msanga likapindika. Zaka zikapita ucepa mphamvu, ndipo dzuwa ndi fodya ziufooketsa msanga. Pamenepo mzere umene unali kuoneka pa kanthawi ukhazikika.

Tiyerekeze bambo wa zaka 45, wogwira nchito pansi pa mgodi ku Kitwe. Akatuluka kumdima n'kukomana ndi dzuwa la Okutobala, amatsinzina pang'ono mpaka kukafika kunyumba. Mnofu wozungulira diso ndiwo ugwira nchito imeneyo, ndipo ukhwinyata khungu m'mbali mwa diso, pamene pabuka timizere tonga mapazi a nkhuku.

Madzulo bamboyu atenga pepala lace la malipiro. Zilembo sizioneka bwino, tsono alitalikitsa, nacita tsinya. Timinofu tiwiri ta pamwamba pa mphuno tikokera nsidze pamodzi, ndipo pakati pace paima mizere iwiri yoongoka. Ana amati atate akwiya, cikhalireco atate sanakwiye: maso a munthu akapitirira zaka 40 ayamba kulephera kuona za pafupi.

Khwinya lacitatu lili pa tsaya lamanja lokha, ndipo silisintha ngakhale aseke kapena akwiye. Limeneli si la mnofu ai, koma la mtsamiro. Bamboyu amagonera kumanja masiku onse, ndipo kulemera kwa mutu kumapinda tsaya pa malo amodzimodzi. Pa ubwana mzere wotere umatha munthu asanamwe tiyi. Pa ukulu ucedwa, ndipo potsiriza sucokanso.

Mungathe kudziyesa nokha pa kalilole. Masulani nkhope ikhale phee. Mzere ukazimirira, ndiye kuti ukali wa mnofu, ndipo kusintha cizolowezi kungaucedwetse kukhazikika. Ukatsala, wakhazikika kale. Mungaufewetse, koma simungaufafanize ndi mafuta. Kenaka kankhani tsaya ndi cikhato monga umacitira mtsamiro. Mzere ukazama pomwepo, mwaupeza wa kugona.

Nanga bambo wathuyu acitenji? Coyamba, apite kucipatala akapimitse maso. Magalasi owerengera oyenera acotsa cifukwa ca tsinyalo, ndipo kawirikawiri amacepetsanso kuwawa kwa pamphumi kobwera ndi kuumiriza maso. Caciwiri, potuluka pansi abvale cipewa ca mlomo waukuru, kapena magalasi a dzuwa olembedwa UV400. Magalasi akuda cabe opanda citetezo cimeneci sateteza diso ku ceza coononga ca dzuwa. Cacitatu, ayese kugona cagada, ataika mtsamiro wina pansi pa maondo kuti msana upume. Koma iye amene amaliza nkonono kwambiri, kapena amabanika m'tulo, ndiponso mai wa pakati potha miyezi, asadzikakamize kugona cagada cifukwa ca nkhope, angosinthasintha mbali.

Mafuta wamba monga vaselini, akadzoledwa khungu likali lonyowa mutasamba, amasunga madzi m'khungu, ndipo timizere tating'ono ticepa kuoneka. Nchito yace ithera pomwepo. Cenjerani ndi mafuta oyeretsa khungu ogulitsidwa pa msika: ambiri ali ndi mankhwala a mphamvu amene amapyapyalitsa khungu, ndipo nkhope iipa kuposa kale.

Kulinso jekeseni ya botokisi, imene ku Amereka inaloledwa pa mizere ya tsinya m'caka ca 2002. Imagoneka mnofu kwa miyezi 3 kapena 4, kenaka mphamvu yace itha. Ndi ya mtengo wapatali, ifunika dokotala wodziwa, ndipo pa khwinya la mtsamiro siithandiza, popeza pamenepo palibe mnofu wolakwa.

Mau otsiriza ndi cenjezo. Makwinya amadza pang'onopang'ono, pa zaka zambiri. Koma mukaona mbali imodzi ya nkhope yagwa mwadzidzidzi, pakamwa papotoka, kapena diso likana kutsinzina, amenewo si makwinya ai. Thamangani naye munthuyo kucipatala nthawi yomweyo.

Tsalani bwino, akumva.