Mzere Wofiira pa Kompyuta Suona Zolakwa Zonse

Nkhani ya lero ikukhudza aliyense amene amalemba kalata ya Chingerezi pa kompyuta kapena pa lamya ya m'manja. Makina ameneŵa ali ndi chida chofufuza kalembedwe ka mau, chimene chimaika mzere wofiira pansi pa liu lokayikitsa. Anthu ambiri akaona kuti mzerewo palibe, amati kalata yatha bwino. Koma pali zolakwa zina zimene chidachi chimazidutsa osaziona, ndipo kalata imodzi yofunsira ntchito ikhoza kusonyeza m'mene zimenezi zimachitikira.

Mwachitsanzo, mnyamata wa kwa Milonde, m'boma la Mulanje, wamva kuti pa esiteti ina ya tiyi pakufunika kalaliki. Watayipa kalata yake mofulumira, ndipo mwa zina walemba mizere inayi iyi: pamwamba "The Manger", kenaka "I come form Milonde", kenaka "I have filled in the application form", ndipo pomaliza "I am not ready to start work". M'mizere imeneyi muli zolakwa zitatu. Iye amafuna kulemba "Manager", mkulu wa ntchito, koma walemba liu lotanthauza chodyeramo ziŵeto. Amafuna kulemba "from", kunena kumene akuchokera, koma walemba "form", chipepala cholembapo. Amafuna kulemba "now", kuti tsopano ndi wokonzeka kuyamba ntchito, koma walemba "not", ndipo kalatayo ikunena kuti sali wokonzeka. Chodabwitsa nchakuti mzere wofiira waoneka pa malo amodzi okha, pansi pa dzina la Milonde, limene walilemba molondola.

Chifukwa chake nchosavuta kuchimvetsa. M'kati mwa makina muli mndandanda wautali wa mau a Chingerezi. Chidacho chimatenga liu limodzi palokha nkulifunafuna mu mndandandamo. Chikalipeza chimapitirira, chikapanda kulipeza chimaika mzere wofiira. Funso lake ndi limodzi basi: kodi liu ili lilipo? Sichifunsa ngati liulo lili pa malo ake. Chili ngati mlonda wa pa chipata amene wapatsidwa buku la maina a antchito. Munthu amene dzina lake lili m'bukumo amaloŵa, ngakhale atasokera nkukakhala pa mpando wa mnzake. Mlendo waulemu amene dzina lake mulibe amaimitsidwa. Mau aja, "form", "manger" ndi "not", onse ali m'buku la mlonda, pamene Milonde mulibe.

Wofufuza wina wa ku Amereka, Fred Damerau, adasonyeza m'chaka cha 1964 kuti mwa mau 100 olembedwa molakwa, oposa 80 amalakwika pa malo amodzi okha: chilembo chimodzi chasoŵa, chaonjezedwa, chaloŵedwa m'malo ndi china, kapena zilembo ziŵiri zoyandikana zasinthana malo. Kalata ya mnyamatayu ikuonetsa mitundu itatu mwa inayi. Mu "manger" mwasoŵa chilembo a, mu "not" chilembo t chaloŵa m'malo mwa w, ndipo mu "form" zilembo r ndi o zasinthana malo chifukwa chala chimodzi chidafulumira kuposa chinzake. Chala chikaphonya mwa mtundu wina nkulemba "frmo", mzere wofiira uoneka, pakuti liu lotero kulibe. Tsoka limadza pamene kuphonyako kwabala liu lina lenileni, ndipo zimenezi zimachitika kaŵirikaŵiri ndi mau afupiafupi, popeza ambiri mwa iwo amasiyana chilembo chimodzi chokha. M'Chicheŵa namonso zotere zilimo: wofuna kulemba kuti "mwana wanu" akhoza kulemba "mwano wanu", ndipo mau onsewo ndi a Chicheŵa chenicheni.

Nzoona kuti makina a masiku ano adapitako patsogolo. Pulogalamu ya Microsoft Word, imene idayamba kuika mzere wofiira m'chaka cha 1995, idaonjeza mu 2007 luso loyang'ana mau oyandikana ndi liu lililonse. Popeza "come from" amayendera limodzi nthaŵi zambiri ndipo "come form" ndi achilendo, pulogalamu yatsopano ikhoza kuika mzere wabuluu pansi pa "form". Komabe lusoli limagwira zolakwa zina nkuphonya zina. Chiganizo chakuti "I am not ready to start work" ndi Chingerezi chabwino chopanda chilema. Cholakwa chake chili pa zimene wolembayo amafuna kunena, ndipo zimenezo adziŵa ndi mwini wake yekha.

Nanga mnyamatayu atsimikize bwanji kuti kalata yake ili bwino? Choyamba, afunefune dala mau amene amasokonezeka. Mu Microsoft Word adinde Ctrl+F, alembe "form", ndipo pa zosankha za kafufuzidwe asankhe "Find whole words only". Akapanda kutero, makinawo amuonetsanso "information" ndi "uniform", popeza zilembo zinayizo zili m'kati mwa mau ameneŵa. M'kalata yake liuli lipezeka pa malo aŵiri. Pa malo alionse adzifunse kuti: apa ndikunena chipepala kapena kumene ndikuchokera? Pa "application form" ndi chipepala, choncho pasiyidwe. Pa "come form" ndi kochokera, choncho pakonzedwe. Apa mpamene pali msampha: asadinde "Replace All" kuti asinthe onse nthaŵi imodzi, chifukwa akatero akonza malo amodzi nkuononga enawo. Achite chimodzimodzi ndi mau ena amene amampunthwitsa, monga "quite" ndi "quiet", kapena "there" ndi "their".

Chachiŵiri, aŵerenge kalatayo mokweza mau, chala chikuloza liu lililonse. Maso a wolemba amanama, chifukwa mutu umadziŵa kale zimene umafuna kunena, ndipo umaona "from" pamene palembedwa "form". Pakamwa sipafulumira ngati maso. Kuti mutu usatsogole, ndi bwino kuyambira pa chiganizo chomaliza nkumabwerera m'mbuyo chiganizo chimodzichimodzi. Ena amalangiza kuŵerenga liu limodzilimodzi chobwerera, koma njira imeneyo siithandiza pano, pakuti liu lililonse palokha lioneka labwino, monga momwe lidaonekera kwa makina. Amene pulogalamu yake ili ndi "Read Aloud" akhoza kuilola kuti imuŵerengere, iye nkumamvetsera. Makinawo amatchula zimene zalembedwa zenizenizo, ndipo khutu limva msanga kuti "not" si "now".

Chachitatu, kalata igone usiku umodzi ngati nthaŵi ilipo, kenaka ipatsidwe kwa munthu wina amene sadaione, kaya mphunzitsi kaya mnzake wodziŵa Chingerezi. Munthu ameneyo sadziŵa zimene wolembayo amafuna kunena, choncho aŵerenga zimene zili pa pepala. Akulu adati kuona maso a nkhono nkudekha.

Za dzina la Milonde, mnyamatayu akhoza kusankha "Add to Dictionary" kuti makina alilandire, mzere wofiira uleke kuoneka. Koma ayambe waliyang'anitsitsa, chifukwa liu lolakwa likaloŵa m'buku la mlonda, lidzadutsa pa chipata masiku onse. Ndipo asanatumize kalata, abwererenso pa mzere wapamwamba uja, pakuti maso a mkulu wa ntchito adzayambira pomwepo.